Lipoti la nkhani: mawu atatu omwe ankafuna kusindikiza pa makapu ndi matisheti

Ntchito yanga ndi kufufuza umwini wa zolemba ndi zithunzi anthu asanazigwiritse ntchito pa malonda. Nkhani iyi ndi ya mayi wina amene amasindikiza mawu pa makapu ndi matisheti n'kumagulitsa pa intaneti kwa ogula a m'mayiko osiyanasiyana. Dzina lawo sinditchula. Anabwera ndi mawu atatu omwe anali atakonza kale maonekedwe ake, kungotsala kutumiza kwa osindikiza. Oyamba anali chiganizo cha Marcus Aurelius, mfumu ya Aroma yomwe inalinso katswiri wa nzeru zakuya. Achiwiri anali mzere umodzi wa nyimbo yotchuka yomwe woimba wake ali moyo. Achitatu anali kamwambi ka mawu anayi kolimbikitsa anthu, kopanda dzina la mwini.

Iwo ankaona ngati nkhani ndi yaifupi. Anati oyambawo ndi a munthu amene anamwalira kalekale, achiwiriwo alembapo dzina la woimba kuti asaoneke ngati akuba, ndipo achitatuwo ndi a aliyense. Chimene ankafuna kwa ine chinali kungovomereza. Nditamaliza kufufuza, palibe mawu amodzi omwe anatuluka momwe iwo ankaganizira.

Choyamba: mawuwo achokera kuti kwenikweni

Sindiyamba ndi lamulo. Ndimayamba ndi kupempha mawu enieniwo, chilembo ndi chilembo, momwe adzaonekere pa kapu, ndi malo amene anawatenga. Mayiwa anati anawaona pa chithunzi china chomwe chinkayenda pa foni. Umu ndi momwe mawu ambiri amafikira pa matisheti, ndipo ndi pomwe mavuto amayambira, chifukwa chithunzi chotere sichinena buku, tsamba kapena chaka. Mawu ambiri amene amayenda ndi dzina la Marcus Aurelius sapezeka n'komwe m'zolemba zake. Munthu akasindikiza mawu otere amakhala atanamiza ogula, komanso mwini weniweni wa mawuwo akhoza kukhala wolemba wamakono amene umwini wake ukadali wamphamvu.

Zolemba za mfumuyi zinagawidwa m'mabuku 12, ndipo m'buku lililonse ndime zili ndi manambala. Zimenezi zimathandiza kwambiri: ukapeza buku ndi nambala ya ndime, ukhoza kuika matembenuzidwe osiyanasiyana pambali n'kumaona momwe aliyense anamasulirira. Ndinapeza kuti ganizolo linalidi lake. Apa mayiwa anasangalala, koma ndinawauza kuti adikire kaye.

Marcus Aurelius anamwalira m'chaka cha 180, ndipo analemba m'Chigiriki. Mawu amene mayiwa ankafuna kusindikiza anali m'Chingerezi chosalala, chamasiku ano. Ndiye kuti pakati pa mfumuyo ndi kapu ya mayiwa pali munthu wina amene anasankha mawu a Chingereziwo, kuwasanja ndi kuwapatsa kamvekedwe kamene kanawakopa. Munthu ameneyo ndi womasulira, ndipo lamulo limamuona ngati wolemba payekha. Pangano la Berne, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1886 ndipo mayiko ambiri a dziko lapansi analowamo, limanena momveka kuti ntchito yomasulira imatetezedwa ngati ntchito yoyambirira. Chigirikicho ndi cha aliyense. Chingerezicho chili ndi mwini wake malinga ngati nthawi ya umwini wa womasulirayo sinathe.

Nditafananitsa, chiganizo cha mayiwa chinagwirizana mawu ndi mawu ndi buku lina lomasuliridwa zaka za posachedwa, lomwe womasulira wake ali moyo. Chizindikiro choyamba chimene chinandipangitsa kukayikira chinali kuphweka kwa chilankhulocho. Matembenuzidwe akale amakhala ndi ziganizo zazitali ndi mawu amene anthu anasiya kuyankhula. Mawu a munthu wakale akamamveka ngati alembedwa dzulo, nthawi zambiri amakhala alembedwadi dzulo.

Kuwerenga zaka

Apa ndinawafotokozera kawerengedwe ka nthawi, chifukwa adzakagwiritsa ntchito pa mawu ena onse m'tsogolo. Pangano la Berne limati umwini ukhale moyo wonse wa wolemba ndi zaka zosachepera 50 atamwalira. Mayiko ali ndi ufulu woonjezera. Mayiko a m'bungwe la European Union, Britain ndi America amawerenga zaka 70, ndipo Mexico imafika zaka 100. Zakazo zimathera kumapeto kwa chaka, kotero ntchito imamasuka pa 1 Januwale wotsatira, osati pa tsiku lomwe munthuyo anamwalira. Ku America kuli kawerengedwe kenanso pa mabuku omwe anasindikizidwa chisanafike chaka cha 1978: kumeneko amayang'ana tsiku losindikiza, ndipo umwini ukhoza kufika zaka 95 kuchokera pamenepo.

Funso lomwe anthu amaiwala ndi lakuti tiwerenge zaka za dziko liti. Yankho lake ndi dziko lililonse komwe katunduyo akupangidwa ndi komwe akugulitsidwa. Mayiwa amatumiza makapu kumayiko angapo, ndiye kunali kosathandiza kuti mawu akhale omasuka kwina pamene kwina akadali ndi mwini. Kwa wogulitsa wotere ndimalangiza kutenga nthawi yaitali kwambiri mwa mayiko amene amagulitsako, kapena kutseka malonda kumayiko omwe mawuwo sanamasuke.

Njira zinalipo zitatu. Akanatha kulembera kampani yomwe inasindikiza buku lamakonolo kupempha chilolezo. Akanatha kulemba ntchito munthu wodziwa Chigiriki kuti amasulire ndimeyo mwatsopano, n'kusainirana kuti umwini wa kumasulirako ukupita kwa iwo. Kapena akanatha kutenga kumasulira kwakale komwe kunamasuka. George Long anamasulira zolembazi m'Chingerezi m'chaka cha 1862 ndipo anamwalira mu 1879, kotero ngakhale titawerenga zaka 100 za ku Mexico, ntchito yake ndi ya aliyense.

Mayiwa anafunsa njira yachinayi: bwanji atangosintha mawu awiri m'chiganizo chamakonocho? Ndinakana, ndipo ndimakana nthawi zonse. Kusintha mawu awiri sikuchotsa kukopera ngati kasanjidwe ndi kamvekedwe zikadali za womasulira uja. Munthu woweruza amaika ziganizo ziwirizo pambali n'kuona ngati chachiwiri chinabadwa kuchokera ku choyamba, ndipo zimaonekeratu. Chimene tinachita n'chakuti tinatseka buku lamakonolo, tinatsegula la Long, ndipo mayiwa anafewetsa okha Chingerezi chakalecho, kuchotsa mawu amene anthu sawagwiritsanso ntchito. Chiganizo chinatuluka chosiyana ndi chija anachikonda poyamba, cholemererapo pang'ono, koma chawo. Ndinasunga m'faelo chithunzi cha tsamba la Long, nambala ya ndime ndi zolemba zosonyeza momwe anasinthira, kuti wina akadzadandaula tidzakhale ndi umboni wa komwe mawu anachokera.

Mzere wa nyimbo

Apa ndi pomwe tinakhalitsa, chifukwa mayiwa anali ndi zifukwa ziwiri zomwe ankazikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo zonse ndimazimva pafupipafupi.

Choyamba chinali chakuti mzerewo ndi waufupi, mawu 9 okha. M'maganizo amenewa muli choonadi pang'ono. Ofesi yoona za umwini wa zolemba ku America imanena kuti mayina, mitu ndi timawu tatifupi sizitetezedwa pazokha ndi kopiraiti, lomwe ndi lamulo la umwini wa zolemba. Koma palibe lamulo lomwe limatchula nambala ya mawu yomwe munthu angatenge mwaulere. Anthu amauzana kuti mawu osapitirira 10 ndi omasuka, ena amati mizere iwiri. Zonsezo ndi mphekesera. M'chaka cha 2009 khoti lalikulu la European Union, pa mlandu wa Infopaq womwe unachokera ku Denmark, linanena kuti ngakhale kachigawo ka mawu 11 kotengedwa m'nkhani ya nyuzipepala kakhoza kukhala kukopera ngati mawuwo akuonetsa luso la wolemba. Chimene chimayezedwa ndi luso lomwe lili m'mawuwo ndi kufunika kwake m'ntchito yonse. Nyimbo ndi yaifupi kale. Mzere umodzi, makamaka wa kolasi umene aliyense amauimba, ndi gawo lalikulu la nyimboyo, ndipo n'chifukwa chake mayiwa anausankha. Ndinawafunsa kuti: kodi munthu angagule tishetiyi mawuwo atakhala kuti sakuwadziwa kunyimbo? Anati ayi. Ndinawauza kuti ndiye chimene akugulitsa si nsalu, ndi nyimboyo.

Chachiwiri chinali cha dzina. Ankakhulupirira kuti kulemba dzina la woimba pansi pa mawu ndi chilolezo. Ndikumvetsa komwe ganizoli limachokera, chifukwa kusukulu timaphunzitsidwa kuti ukatchula gwero sunabe. Komanso lamulo limaloladi kugwira mawu a wina: ndime 10 ya Pangano la Berne imalola zimenezi malinga ngati zikuchitika mwachilungamo, pa mlingo woyenera cholinga chake, ndipo gwero latchulidwa. Koma chilolezo chimenechi chinapangidwira munthu amene akukambirana za mawuwo, monga wolemba nkhani, wounika nyimbo kapena mphunzitsi. Iye amagwira mawu kuti anenepo kanthu. Pa kapu palibe chimene chikunenedwa za mawuwo. Mawuwo ndiwo katundu. N'chimodzimodzi ndi lamulo la ku America lolola kugwiritsa ntchito mwachilungamo: limayang'ana ngati ntchitoyo ndi yamalonda, ngati yasintha tanthauzo la choyambirira, ndiponso ngati ikulanda msika wa mwini wake. Oimba ambiri amagulitsa matisheti awoawo okhala ndi mizere ya nyimbo zawo, kotero tisheti ya mayiwa ikanalowa mumsika womwewo.

Ndipo dzinalo, m'malo mowateteza, linkabweretsa vuto lachiwiri. Dzina la munthu wotchuka pa katundu wogulitsa limapatsa wogula chithunzi chakuti mwini dzinayo wavomereza. M'zigawo zambiri za America muli lamulo loteteza dzina ndi nkhope ya munthu kuti zisagwiritsidwe ntchito pa malonda popanda chilolezo, ndipo ku California chitetezochi chimapitirira zaka 70 munthu atamwalira. Ku Britain lamulo lotero kulibe, koma kuli loletsa kunamizira kuti katundu wako ndi wovomerezedwa ndi wina. Ndi lamulo limeneli lomwe woimba Rihanna anapambanira mlandu mu 2013 pa tisheti yomwe sitolo ya Topshop inkagulitsa ili ndi chithunzi chake. Chimene ndimafuna anthu agwire pa mlanduwu n'chakuti chilolezo cha wojambula chithunzicho chinalipo. Chilolezo chimodzi chinali chitapezeka, koma chinali chosakwana.

Ndiye chilolezo cha mzere wa nyimbo chimachokera kwa ndani? Mayiwa ankafuna kulembera woimbayo mwachindunji pa masamba a mchezo. Ndinawauza kuti ngakhale atayankha kuti palibe vuto, yankholo likhoza kukhala lopanda mphamvu. Woimba si nthawi zonse amakhala wolemba mawu, ndipo ngakhale atakhala wolemba, kawirikawiri amakhala atapereka ulamuliro wa mawuwo kwa kampani yosindikiza nyimbo. Kampani yojambula ndi kugulitsa nyimboyo nayo ndi ina: iyo ili ndi umwini wa mawu omveka amene anajambulidwa, osati mawu olembedwa. Palinso mabungwe otolera ndalama za oimba, omwe amapereka malaisensi oimbira nyimbo pa wailesi kapena pamalo a anthu ambiri. Laisensi yoteroyo sikhudza kusindikiza mawu pa kapu. Komabe mabungwewa ndi othandiza, chifukwa ambiri ali ndi kaundula wotseguka komwe umalemba mutu wa nyimbo n'kuona olemba ake ndi makampani amene amawaimira.

Nditafufuza m'kaundula wotere ndinapeza kuti nyimboyi inalembedwa ndi anthu atatu, oimiridwa ndi makampani awiri. Ndiye kuti makalata anafunika awiri. Kalata yopempha chilolezo ikakhala yosamveka siyankhidwa, kotero ndinaikamo zonse zomwe wolandira angafunse: mzere weniweniwo, chithunzi cha momwe tisheti ndi kapu zidzaonekere, chiwerengero chomwe chinali matisheti 300 ndi makapu 200, mayiko ogulitsako, njira yogulitsira, mtengo wa chinthu chimodzi, ndi nthawi yomwe tikupempha, chaka chimodzi. Ndinanenanso kuti sitikupempha kuti tikhale tokha ogwiritsa ntchito mzerewo, chifukwa chilolezo chotsekera ena chimakwera mtengo kwambiri ndipo bizinesi yaing'ono sichifunikira.

Kampani imodzi inayankha patatha milungu itatu. Inavomera gawo lake, n'kutchula ndalama yolipiriratu ndi gawo la malonda, koma inalemba momveka kuti chilolezo chake chigwira ntchito pokhapokha inzake ikavomera, ndiponso kuti sichikukhudza dzina kapena nkhope ya woimba. Kampani yachiwiri sinayankhe. Ndinalembanso kawiri, osamva kanthu. Mayiwa anafunsa ngati kukhala chete kwa miyezi iwiri si kuvomera. Si kuvomera. Mwini ntchito alibe udindo woyankha, ndipo makalata athu omwewo akanadzakhala umboni wakuti tinkadziwa kuti chilolezo chikufunika koma tinasindikizabe. M'mayiko ambiri kuphwanya umwini mwadala kumalemeretsa chilango. Mzere wa nyimbo unachotsedwa pa mndandanda. Zinandikhudza, chifukwa maonekedwe ake anali okongola kuposa ena onse ndipo mayiwa anali atataya nthawi yambiri powakonza, koma sindikanawalangiza mwina.

Kamwambi kopanda mwini

Mawu anayi aja, kumbali ya kopiraiti, analibe vuto. Ndi mawu wamba, palibe amene angati anawapeka. Koma kopiraiti si lamulo lokhalo lomwe limayenda pa tisheti. Pali zizindikiro zamalonda, zomwe ndi mayina kapena mawu amene kampani imalembetsa kuti azisonyeza katundu wake, ndipo izi zimakonda timawu tatifupi tomwe kopiraiti imatisiya. Chizindikiro chamalonda sichifuna luso lalikulu, sichiwerenga zaka za imfa ya munthu, ndipo m'mayiko ambiri chimakonzedwanso zaka 10 zilizonse mpaka kalekale. Chitsanzo chodziwika ndi mawu a pa chikwangwani chomwe boma la Britain linakonza mu 1939 cholimbikitsa anthu kukhala odekha pa nkhondo: umwini wa boma unatha, koma mu 2011 kampani ina inawalembetsa ngati chizindikiro chamalonda ku European Union, ogulitsa ena n'kuyamba kuchotseredwa katundu wawo pa misika ya pa intaneti.

Kufufuza kwake n'kwaulere ndipo aliyense angathe. Ndinalemba mawuwo m'makaundula awiri a pa intaneti a zizindikiro zamalonda, Global Brand Database ya WIPO, bungwe la padziko lonse loona za umwini wa ntchito zaluso, ndi TMview, kenako m'kaundula wa dziko lililonse lomwe mayiwa amagulitsako kwambiri. Zizindikiro zimalembetsedwa m'magulu a katundu, motsatira dongosolo la Nice lomwe lili ndi magulu 45. Zovala zili m'gulu 25, makapu ali m'gulu 21. Pofufuza umayang'ana zinthu zitatu: ngati chizindikirocho chikadali chamoyo kapena chinatha, gulu lake, ndi dziko lake. Usangofufuza mawu ofanana ndendende. Yesanso kalembedwe kena ndi kasanjidwe kena, chifukwa lamulo limayang'ana ngati wogula angasokonezeke.

Mawuwa anapezeka olembetsedwa ndi kampani ya zovala, m'gulu 25, m'dziko limodzi mwa omwe mayiwa amagulitsako. M'gulu 21 munalibe kanthu. Munthu akhoza kutsutsa kuti mawu aakulu pachifuwa cha tisheti ndi chokongoletsa chabe, sakusonyeza amene anapanga chovalacho, ndipo mfundo imeneyi nthawi zina imapambana kukhoti. Koma ndinawauza zomwe zimachitika nkhani isanafike kukhoti. Mwini chizindikiro amatumiza dandaulo kwa oyendetsa msika wa pa intaneti, iwo amachotsa katunduyo osaweruza mlandu, ndipo madandaulo akachuluka amatseka sitolo yonse. Bizinesi yaing'ono ikhoza kukhala yolondola pa lamulo koma n'kutaya malo ake ogulitsira. Tinagwirizana kuti kamwambiko kapite pa makapu okha. Ndinawachenjezanso kuti ngakhale apo chiopsezo sichinatheretu, chifukwa chizindikiro chotchuka kwambiri chimatetezedwa ngakhale kunja kwa gulu lake. Ichi sichinali chotchuka chotero, ndipo ndinalemba m'lipoti langa kuti chiopsezocho ndi chochepa.

Kanthu kena komwe ndinapeza ndikutseka faelo

Ndili pafupi kumaliza ndinafunsa za kalembedwe ka zilembo komwe anagwiritsa ntchito, kamene osindikiza amati fonti. Anali ataitenga kwaulere. Nditatsegula kafaelo ka laisensi komwe kanabwera nayo, kanati ndi yogwiritsa ntchito pa zinthu za iwe mwini, osati pa malonda. Imeneyi inali yosavuta kukonza. Tinasankha fonti ina yomwe ili pansi pa SIL Open Font License, yomwe imalola kusindikiza pa katundu wogulitsa, ndipo tinasunga laisensiyo m'faelo limodzi ndi zina zonse.

Osindikiza nawonso anali ndi fomu yawo yomwe kasitomala amasaina kutsimikiza kuti ali ndi ufulu pa zonse zimene watumiza, ndi kuti mlandu ukabwera adzausenza yekha. Mayiwa anali atasaina mafomu otere kangapo m'mbuyomu osawerenga ndimeyo. Ulendo uno anasaina pa zinthu ziwiri: chiganizo cha Marcus Aurelius chochokera kwa Long, pa matisheti ndi makapu, ndi kamwambi kaja pa makapu okha. Kalata ya kampani yomwe inavomera gawo lake la nyimbo ili m'faelo, ndipo ndinailembera kuti tiimitse kaye pempholo mpaka inzake itayankha.